Momwe mungakanire kulemba nawo pepala la kafukufuku ntchito ikakuchulukirani, osawagwetsa mphwayi anzanu

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi pa yunivesite. Gulu la anzanu latolera ziwerengero za ana odwala malungo m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo akupemphani kuti musanthule ziwerengerozo, mulembe gawo la zotsatira, dzina lanu likhale pa pepala. Akufuna kutumiza ku magazini ya zakafukufuku pakatha masabata 6. Inu muli ndi mayeso oti muchonge komanso ophunzira a digiri yachiwiri amene akudikira ndemanga zanu. Mukudziwa kuti simukwanitsa, koma pakamwa pakufuna kutuluka "tiona". Mawu amenewa ndi amene amapha mapepala ambiri, chifukwa wopempha amamva ngati mwavomera.

Choyamba werengani maola musanayankhe. Funsani zinthu zitatu: gawo lanu lenileni ndi liti, tsiku lotumiza ndi liti, ndipo ziwerengero zakonzedwa kale kapena zikadali zosokonekera. Funso lachitatuli anthu amalidumpha, chonsecho ndi pamene nthawi imathera. Mwachitsanzo, mungapeze kuti kukonza ziwerengero kukudyerani maola 15, kusanthula maola 12, kulemba ndi kupanga matebulo maola 10, misonkhano ndi kuwerenga zimene ena alemba maola 8. Onse pamodzi ndi maola 45, kutanthauza maola oposa 7 sabata iliyonse. Ngati mpata wanu weniweni ndi maola 2 pa sabata, yankho lapezeka kale. Kumbukiraninso kuti ntchito siithera pa tsiku lotumiza. Pakapita miyezi, ounika pepala amabweza ndemanga, kawirikawiri akufuna kuti ziwerengero zisanthulidwenso, ndipo amene adzagogoderedwe pakhomo ndi inuyo.

Mukatsimikiza, yankhani pasanathe masiku awiri kapena atatu. Kukana sabata yoyamba kumawasiyira anzanu masabata asanu opezera munthu wina. Kukana sabata yachinayi kumawasiya padzuwa. Ngati wopemphayo ndi wamkulu kwa inu, monga pulofesa amene anakuyang'anirani pa maphunziro, yambani mwamuonekera kapena kumuimbira foni, chifukwa kungomutumizira uthenga kungaoneke ngati mwano. Koma mukatero lembanibe imelo tsiku lomwelo. Zokambirana pakamwa aliyense amazikumbukira mwa njira yake.

Kenako pamabwera gawo lovuta. Mukangoti simukwanitsa, ambiri adzati, "Musadandaule, ntchito tigwira ife, inu tingokuikani dzina." Amanena ndi mtima wabwino, mwina poganiza kuti dzina lanu lithandiza pepala kulandiridwa, ndipo kwa inu n'zokopa popeza mapepala amawerengedwa pokweza anthu pa ntchito. Kanani zimenezinso. Magazini ambiri a zaumoyo amatsatira malamulo a komiti ya akonzi yotchedwa ICMJE, amene amati wolemba nawo akwaniritse zinthu zinayi zonse: atengepo gawo lalikulu pokonza kafukufuku, kutolera, kusanthula kapena kumasulira zopezeka, alembe nawo kapena aunike mozama zolembedwazo, avomereze pepala lomaliza, ndipo avomere kuyankhapo pa ntchito yonse pakabuka mafunso. Mfundo yachinayiyi inawonjezedwa mu 2013, ndipo ndi imene iyenera kukudetsani nkhawa. Zikadzapezeka kuti ana ena anawerengedwa kawiri, pepala n'kuchotsedwa m'magazini, kunena kuti "ine sindinaone ziwerengerozo" sikukupulumutsani. Kukungoonetsa kuti munasainira zimene simunachite.

Palinso chifukwa china chokanira dzina lisanalowe. Pepala likatumizidwa, kuchotsa kapena kuwonjezera wolemba kumafuna kalata yofotokoza chifukwa kwa mkonzi, ndipo nthawi zambiri olemba onse amayenera kusainira. Ntchito ya mphindi imodzi lero imasanduka ya masabata.

Tsopano kalatayo. Ikhale yaifupi, ndipo kukana kuoneke m'mizere yoyambirira, osati kumapeto munthu atatopa ndi malonje. Ikhoza kumveka chonchi:

"Zikomo kwambiri Adokotala pondiganizira pa pepala la malungo lija. Ndaona ndondomeko yanga ya miyezi iwiri ikubwerayi ndipo sindikwanitsa kulemba nawo, choncho dzina langa musaliike pa mndandanda wa olemba. Gawo limene munandipempha likufuna maola oposa 40, ndipo panopa ndilibe. Ndawerenga chidule munanditumizira chija. Maganizo anu oyerekeza zipatala za kunyanja ndi za kumapiri ndi amphamvu, ndipo ndi amene angapatse pepalali kulemera, musawasiye. Chimene ndingathe ndi kuwerenga gawo la njira zofufuzira kamodzi, mukanditumizira pofika Lachisanu la sabata yamawa, ndipo ndidzabweza ndemanga pasanathe masiku atatu. Pa kusanthula ziwerengero ndili ndi munthu m'maganizo, ndimufunsa kaye ndipo ndikuuzani Lolemba."

Onani kuti chifukwa chaperekedwa chimodzi basi. Mukandandalika zifukwa zisanu, wopempha amayamba kuzithetsa chimodzichimodzi: mayeso akuthandizani kuchonga, tsiku alisuntha, mapeto ake mwasowa pothawira. Ndipo ngati vuto lenileni si nthawi koma mukukayikira ubwino wa kafukufukuyo, musabisale kumbuyo kwa ntchito, chifukwa akangosuntha tsiku mwagwidwa.

Kulimbikitsa kwenikweni ndi kutchula chinthu chimodzi chimene mwachiona m'ntchito yawo. "Pitirizani, mukuchita bwino" aliyense amadziwa kuti ndi mawu otsanzikira. Koma mukatchula za kunyanja ndi kumapiri, amadziwa kuti munawerenga, ndipo kwa wofufuza wachinyamata amene akulemba pepala lake loyamba, zimenezi zimamuchotsa maganizo oti mwamukana chifukwa ntchito yake ndi yachabe.

Thandizo limene mwalonjeza liikireni malire: chinthu chimodzi, kamodzi, ndi tsiku lake. Mukangoti "mukafuna thandizo mundiuze", mudzapezeka mwagwira theka la ntchito popanda dzina, ndiye mwaluza kawiri. Chizindikiro choti malire akuphwanyika ndi uthenga woti "mungotionerako tebulo iyi" kachiwiri ndi kachitatu, kapena kupezeka muli pa gulu la WhatsApp la olemba. Pemphani mwaulemu kuti akuchotseni pagulupo. Thandizo laling'ono ngati kuwerenga gawo limodzi malo ake ndi m'gawo lothokoza, limene m'magazini limalembedwa kuti Acknowledgements, ndipo magazini ambiri amafuna kuti wothokozedwayo avomereze polemba. Muone kaye mawu amene akulemba za inu, chifukwa owerenga ena amatenga dzina lothokozedwa ngati umboni woti mwagwirizana ndi zotsatira.

Pa wolowa m'malo mwanu, musapereke dzina kapena nambala ya munthu musanamufunse. Muuzeni maola amene munawerengera aja ndi tsiku lotumiza, asankhe akudziwa. Mphunzitsi wongoyamba kumene amene amadziwa mapulogalamu osanthulira ziwerengero monga Stata kapena R nthawi zambiri amapindula ndi pepalali kuposa inu, koma gulu ligwirizane naye za malo a dzina lake asanayambe ntchito.

Malangizo onsewa ndi opita kwa munthu amene sanagwirepo kanthu pa kafukufukuyo. Ngati munakonza nawo ndondomeko yake kapena munatolera nawo ziwerengero, mwakwaniritsa kale mfundo yoyamba ija, ndipo ICMJE imati munthu wotere apatsidwe mwayi wounika ndi kuvomereza pepala. Pamenepo werenganinso maola, chifukwa mwina chotsala ndi kuunika kwa maola ochepa chabe. Mukasankhabe kutuluka, lembani momveka kuti mukulola gulu kugwiritsa ntchito zimene munatolera. Pomaliza, mkonzi wa magazini akadzakutumizirani pepala lomweli kuti muliunike, muuzeni kuti munaliwerengapo ndipo mumagwira ntchito ndi olembawo, apeze wina.