Mwana wa sikoselo musamumane madzi, ngakhale akukodza pogona

Makolo ambiri akaona mwana wa matenda a sikoselo akukodza pogona amamuletsa kumwa madzi dzuwa likangolowa. Cholinga n'chabwino, koma njirayo imatha kuputa ululu woopsa uja umene umamugwetsa mwana akulira msana, miyendo kapena mimba.

Tiyambe ndi pamene ululuwo umachokera. M'maselo ofiira a magazi muli himogulobini, imene imanyamula okosijeni. Wodwala sikoselo anatengera kwa makolo onse awiri himogulobini yosiyana ndi ya anthu ena. Ikangotula okosijeni m'minofu, imamatirirana n'kupanga timizere tolimba m'kati mwa selo, ndipo selo lofewa lija limauma n'kupindika ngati chikwakwa. Maselo otere amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, pamodzi ndi maselo oyera, n'kutseka njira. Mbali imene magazi asiya kufikako imasowa okosijeni n'kutupa. Izi zimachitika kwambiri m'mafuta a m'kati mwa mafupa, n'chifukwa chake mwana amati fupa lenilenilo ndilo likuwawa, inu osaona bala lililonse. Sakunama ayi. Kwa makanda, kuyambira cha pa miyezi 6, chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala kutupa manja ndi mapazi.

Nanga madzi akubwerapo bwanji? Kumatirirana kuja sikuchitika nthawi yomweyo. Kumatenga kamphindi, ndipo maselo ambiri amakwanitsa kudutsa m'timitsempha tija n'kubwerera kumapapo asanaume. Koma thupi likachepa madzi, selo nalo limataya madzi, himogulobini imathinana, ndipo kamphindi kaja kamafupika kwambiri. Magazi nawo amayenda mwaulesi. Selo limaumira panjira.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Matendawa amawononga msanga mbali ya impso imene imabweza madzi m'thupi. Choncho mwana amakodza kwambiri ngakhale thupi lake likusowa madzi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zimachititsa kukodza pogona kuja. Musadalire mtundu wa mkodzo: ukhoza kukhala woyera mbee mwana atachepa kale madzi m'thupi. Yang'anani milomo ndi lilime ngati zauma, maso ngati alowa m'kati, ndiponso ngati wafooka.

Tiyerekeze mwana wa zaka 8 wolemera makilogalamu 25. Achipatala amawerengera mamililita 1,000 pa makilogalamu 10 oyamba, 500 pa 10 otsatira, ndi 20 pa kilogalamu iliyonse yotsala. Zonse pamodzi ndi mamililita 1,600 pa tsiku, kapena kuti pafupifupi makapu 6 ndi theka a mamililita 250. Umenewu ndi mlingo wa tsiku limene ali bwino, ndipo wa sikoselo asatsike pamenepa. Tsopano mwanayu wadzuka pakhosi pakuwawa, thupi latentha. Akutuluka thukuta, akupuma mofulumira, wasanza kawiri, ndipo tsiku lonse wamwa makapu awiri okha poopa kumeza. Pofika usiku akulira ntchafu.

Apa matenda a pakhosiwa amumenya mbali ziwiri. Amuchotsera madzi, komanso achulukitsa maselo oyera n'kuchititsa makoma a mitsempha kunanda, kotero maselo opindika aja akukakamira mosavuta. Chikakhala chibayo, okosijeni amachepanso m'magazi. Malungo amawonjezera kuswa maselo ofiira, amene mwa wodwalayu amangokhala masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120.

Pakhomo mungayambe ndi izi: mumwetseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo ngati akutsegula m'mimba mpatseni madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi. Mpatseni parasitamo pa mlingo umene anakuuzani achipatala. Thowani powawapo ndi nsalu yofunda. Kuthowa ndi madzi ozizira musayese, chifukwa amafinya mitsempha n'kuwonjezera vuto.

Koma mwana wathu uja si wosunga pakhomo, chifukwa watentha thupi. Kapamba, amene amasefa tizilombo m'magazi, amawonongeka mwana wa sikoselo akadali wamng'ono, ndiye matenda ooneka ngati chimfine amatha kufalikira m'magazi m'maola ochepa. Thupi likafika madigiri 38, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale litazizira atamwa parasitamo. Mankhwalawo amangobisa kutenthako. Thamangani nayenso akamva kuwawa pachifuwa kapena kubanika, akayera manja ndi m'maso mwadzidzidzi mimba n'kutupa kumanzere, akafooka mbali imodzi ya thupi, kapena akamasanza chilichonse chimene wamwa.

Pofuna kupewa, ana amapatsidwa penisilini tsiku lililonse kuyambira ali makanda mpaka zaka 5, pamodzi ndi katemera yense. Amene ululu umawabwera kawirikawiri afunse za mankhwala a haidurokisiyuriya, amene amachulukitsa himogulobini ya ukhanda, yosamatirirana.

Za pogona paja, yalani pulasitiki pansi pa zofunda, mwana akodze asanagone, mumudzutse kamodzi usiku, ndipo kapu yamadzi ikhale pafupi ndi pamene wagona.