Musayambe ndi buku lakale posamutsa maoda

Amene mukufuna kusamutsa maoda a m'mabuku kuti alowe m'kompyuta, nayi njira imene yatithandiza pashopu yathu ya mipando pano pa Dedza.

Sankhani tsiku loti kuyambira pamenepo oda yatsopano izilembedwa m'kompyuta mokha. Tsikulo lisanafike, lowetsani maoda okhawo amene sanathe: katundu amene mwiniwake sanatenge ndi ngongole zotsala. Amenewa ndiye amayambanitsa anthu. Maoda amene anatha kalekale angadikire, muzilowetsa pang'onopang'ono kuyambira buku laposachedwa.

Chachikulu ndi ichi: lembani nambala pachikuto cha buku lililonse ndi pamasamba ake, ndipo oda iliyonse ilowe ndi chizindikiro chake, monga B7/42, kutanthauza buku 7 tsamba 42. Kasitomala akatsutsa kuti analipira K50,000 osati K30,000, mumangotsegula tsambalo n'kuona siginecha yake. Oda imene mwalowetsa muziichonga ndi cholembera chofiira kuti isalowe kawiri.

Mukamaliza buku, wonkhetsani ngongole zake pamanja n'kuyerekeza ndi za m'kompyuta. Zikasiyana, pali oda imene mwadumpha kapena nambala imene mwalemba molakwika. Pezani kaye musanatsegule buku lina.