Lekani kupereka mphotho potengera kulemera kwa thumba

Teremu ino ndayendera sukulu zingapo za pulayimale muno mu Blantyre zomwe zikuchititsa mipikisano yotola zinyalala, ndipo pafupifupi paliponse ndapeza vuto lofanana. Aphunzitsi apachika sikelo pa mtengo wa mango, kalasi imene matumba ake alemera kwambiri Lachisanu ndiyo ikutenga makope ndi mpira. Izi zilekeke.

Pa sukulu ina ya mbali ya ku Ndirande, Sitandade 6 inapambana ndi matumba 14 pa sabata imodzi. Ine ndinadabwa, chifukwa bwalo la sukuluyo, ngakhale mutalisesa mpaka kuseri kwa zimbudzi, silingatulutse matumba atatu. Ndinapempha kuti amasule limodzi. Pamwamba panali mapepala ndi majumbo, pansi pake masamba owola a kabichi, makoko a chinangwa, mchenga wonyowa, theka la njerwa ndi thewera la mwana logwiritsa kale ntchito. Kodi pa sukulu pamagulitsidwa kabichi? Anawo anakazitenga ku msika ndi mu ngalande zolowera mu mtsinje wa Nasolo, ndi manja awiriwa. Ana si opusa. Mwawauza kuti wa zinyalala zambiri ndiye katswiri, ndiye akasaka zinyalala kumene zili zambiri, ndipo bwalo lawo likayera amadandaula kuti malikisi achepa. Kumeneko n'kuwaphunzitsa zosemphana ndi cholinga chanu.

Komanso taganizirani za matenda. Mwaiwala kale kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda uno zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera? Lero inu nomwe mukuchititsa mwana wa zaka 10 kupisa dzanja m'madzi a mu ngalande, akabwerako n'kudya mandasi pa buleki osasamba, poti pa mpopi palibe sopo.

Ndiye zinyalala zosakanizazo zilibenso ntchito. Ogula mabotolo a pulasitiki amafuna ouma, opanda matope. Botolo lomwe lagona ndi kabichi wowola amalikana kapena kulidula mtengo. Mapepala akanyowa ndiye kuti atha basi. Mapeto ake alonda amakhuthulira zonse m'dzenje n'kuyatsa, utsi wa pulasitiki n'kumalowa m'makalasi Lolemba lonse. Chizolowezi choti chilichonse n'chotentha chinanditopetsa. Kale munkatentha masamba ndi mapesi, zomwenso ife alangizi tinkakuletsani, koma jumbo si tsamba. Majumbo opyapyala osafika ma mayikuloni 60 analetsedwa ndi malamulo a 2015, Khothi Lalikulu la Apilo n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma pitani pa geti la sukulu iliyonse mukaone zimene akukulungira zigege.

Bambo wina wolima masamba ku Lunzu anandiyimitsa mwezi watha ali wokwiya. Anapatsidwa ngolo ya manyowa kuchokera m'dzenje la sukulu yoyandikana naye, akuti zochokera ku mpikisano. Pothira m'mabedi a mpiru, khasu linkangokoka timapepala ta mafilizesi ndi zidutswa za botolo, chimodzi chinamucheka mkazi wake kuphazi. Mbuzi yake inayamba kuwonda mimba ili tuu, ndipo ataipha anapeza mpira wa majumbo m'chifu. "Alangizi, mumatiuza kuti manyowa ndi chuma, chuma chake n'chimenechi?" Ndinasowa pogwira.

Kuumba nkhuti ya manyowa sindifotokoza, nonse mumadziwa. Chofunika kusintha ndi kagoletsedwe. Gawani bwalo, kalasi iliyonse ikhale ndi chigawo chake teremu yonse. Woweruza azifika tsiku losalengezedwa, makamaka ikangotha buleki, ayeze mapazi 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, awerenge zinyalala zomwe zili pansi. Ochepa zinyalala ndiwo apambane. Malikisi ena apite ku kusankhula: thumba la zowola, la mapepala ouma, la mabotolo ndi majumbo, ndipo mukapeza jumbo m'zowola chotsani malikisi pomwepo anawo akuona. Chochokera kunja kwa mpanda chisawerengedwe. Magalasi, malezala ndi matewera ndi za akuluakulu, ana a Sitandade 1 ndi 2 azingoloza. Lachisanu lachiwiri la mwezi, lomwe boma linaika mu 2020 kukhala tsiku losesa, likhoza kukhala lolengeza zotsatira. Ndipo musanayambe kuunjika mabotolo, pezani kaye wogula mumve amene amatenga, chifukwa mulu wa mabotolo osatseka mvula ikagwa umasanduka mosweramo udzudzu.