Trayo balansi ikakana kugwirizana

Anzanga a akaunti kuno ku Blantyre, debiti ndi kirediti zikasiyana musayambe kufufuta leja yonse. Chotsani kaye muone kusiyanako, kenako gawani ndi 9. Dzulo ine zinasiyana ndi K2,700, kugawa ndi 9 inakwana ndendende 300, kupita mu leja ndinapeza renti ya K85,200 ndinakopera K82,500, manambala ndinawatembenuza. Kutembenuza kotere kumasiya kusiyana kogawika ndi 9 nthawi zonse.

Ikakana 9, gawani ndi 2 musake ndalama imeneyo, mwina munaiika mbali yolakwika, paja ikakhala kolakwika kusiyana kumawirikiza kawiri. Koma zikagwirizana musavine msanga, ndalama yomwe munaiwaliratu kulemba mbali zonse siioneka pamenepa, onaninso malisiti.