Onani silayidi imene anthu akuthawira

Mukaika kalaselo, positi ya masilayidi angapo oswaipa, pa Instagram, musangowerenga ma laiki, tsegulani Insights, gawo loonetsa manambala a mmene positi yayendera. Ngati mukutha kuona manambala a silayidi iliyonse, tinene kuti anthu 100 aona silayidi yoyamba koma 30 okha ndi amene aswaipa kupita yachiwiri, vuto lili pa chikuto pomwepo, mutu wake sukukoka. Sinthani chikutocho basi, zamkati zisiyeni kaye, chifukwa mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza. Koma akamathawa pa silayidi yachinayi, nthawi zambiri mwadzazapo mawu, igaweni pawiri.

Ma sevu ambiri koma ma sheya ochepa ndiye kuti anthu akuisunga kuti adzaigwiritse ntchito, ndiye ulendo wina ikani masitepe omveka bwino. Ine ma sevuwo ndimawagawa ndi chiwerengero cha omwe aona positi, nambala payokha imanamiza.