Kuchotsa logo mu PDF kuti isaphwanyike pa chikwangwani

A mlembi a bungwe lathu la maliro ku Mufakose anandipatsa kalata ya PDF, nati logo ili pamwambapo ikhale pa chikwangwani cha mamita 2. Fayilo yoyambirira inapita ndi laputopu yomwe inabedwa.

Musanavutike, onani kaye ngati logoyo ndi vekitala, kutanthauza yojambulidwa ndi mizere osati timadontho. Tsegulani PDF, kulitsani mpaka 1600%. M'mphepete mwa zilembo mukakhalabe mosalala, zili bwino. Mukaona timabokosi, chimenecho ndi chithunzi wamba chomwe anangochilowetsa mu PDF, ndipo palibe chochotsamo. Mashopu ena mutawuni adzakuuzani kuti akonza pa madola 5, koma amangodina Trace Bitmap, makona onse n'kutuluka obulungira ngati nthochi.

Ine ndimagwiritsa ntchito Inkscape, ndi yaulere. Dinani File > Open, sankhani tsamba lomwe pali logo. Pakabokosi kamene kamabwera apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Ndinangodina OK osawerenga. Zilembo za mu PDF nthawi zambiri zimasungidwa ngati mawu, ndipo Inkscape ikapanda kupeza fonti yake pakompyuta panu imatha kuikapo ina. Kwa ine inaika yofananako, moti sindinazindikire. Koma fontiyo kwa opulinta kunalibenso, ndiye ŵ wa mu "Malaŵi" anatuluka wonenepa mosiyana ndi anzake, mawu apansi n'kulowerera pa chizindikiro. Tinaziona chikwangwani chitapachikidwa kale, ndipo madola 25 opulintitsanso anachoka m'thumba mwanga.

Choncho pakabokosiko sankhani Draw all text, kapena Poppler/Cairo import ngati Inkscape yanu ndi yakale. Zikatero chilembo chilichonse chimasanduka chojambula, sichidaliranso fonti. Simungathenso kukonza mawu polemba, koma pa logo zimenezo n'zosafunika. Ngati munasankha Poppler/Cairo, muyambe mwamasula zilembozo ndi Ctrl+Shift+G kangapo kenako Shift+Alt+D, apo ayi timfundo sitioneka. Kuti mutsimikize, dinani chilembo ndi chida cha Node: pakaoneka timfundo mozungulira, chasandukadi. Muyerekezenso ndi PDF ija, chilembo ndi chilembo.

Kenako Ctrl+Shift+G kangapo kuti zonse zimasuke, mufufute mawu a kalatayo. Pitani pa View > Display Mode > Outline. Apa mudzaona mabokosi oyera ndi mizere yobisika, zomwe makina odula pulasitiki yomata amadula ndithu ngakhale maso saziona. Zichotseni. Mizere yokhuthala muisandutse ndi Path > Stroke to Path, apo ayi makinawo adzangodula kamzere kamodzi pakati.

Sankhani logo, Shift+Ctrl+R kuti tsamba lifanane nayo, musunge ngati Plain SVG. Opulinta ambiri amakonda CorelDRAW, ndiye atengereniko ndi PDF. Mitundu imasintha chifukwa SVG imasunga RGB, choncho apulinte kaye kachidutswa muone musanalipire.