Wa kumudzi akamangokuimbirani usiku wokhawokha

Ambiri a ife ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje amene tikugwira ntchito ku Joni, ku Ulaya kapena ku maiko a Aluya tili ndi munthu kumudzi amene foni yake timaidikira. Pali wina amene amapezeka usiku basi. Masana mukamulembera, zii. Ikakwana 11 koloko usiku ndi uyo watulukira, mawu okoma ali mbwee, ndipo kukacha wasowanso. Usiku pawokha si umboni woti munthu akukunamizani. Chimene chimaulula zoona ndi ichi: mukamupempha kuti mulankhulane masana, ndipo mwamuchotsera zovuta zonse zimene amatchula, kodi amapezeka?

Yambani ndi wotchi, chifukwa ena timakwiya tisanawerenge maola. Amene muli ku South Africa nthawi yanu ndi imodzimodzi ndi ya kumudzi, ndiye usiku wanu ndi usiku wakenso. Ku Oman ndi ku Dubai muli patsogolo ndi maola awiri, choncho meseji yofika 11 koloko ku Muscat yalembedwa 9 koloko ku Luchenza, munthu atangomaliza kudya nsima. Palibe chodabwitsa pamenepo. Ku UK ndi ku Ireland zimatembenuka: muli m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo miyezi inayo ndi ola limodzi. Munthu akamakuimbirani 11 koloko usiku muli ku Manchester mu Disembala, kwawoko ndi 1 koloko, mudzi wonse uli mtulo. Mwina akudikira kuti muweruke, ndipo ngati ndi choncho ndi wachikondi ndithu. Koma ngati tsiku limene muli pa ofu salola kuimba nthawi ina, ndiye kuti nthawiyo anaisankha pa zifukwa zake, osati zanu.

Zifukwa zoona zilipo, ndipo si bwino kuziiwala poti tazolowera intaneti yosatha ya kunja kuno. Bandulo ya usiku imatchipa. Foni imakhala tsiku lonse pa shopu yotchajitsa. Kumidzi ina ya ku Thekerani ndi ku Masambanjati netiweki imafuna kuti munthu akwere pachitunda, ndipo cha ku Muloza foni imathawira pa netiweki ya ku Mozambique. Wothyola tiyi pa esiteti manja onse awiri amakhala pa masamba, dengu lili kumsana, makamaka nyengo ya mvula pamene tiyi amaphuka kwambiri. Zonsezi ndi zoona. Koma chifukwa chilichonse chili ndi malire ake. Wothyola tiyi amalawirira m'mamawa, ndiye amagona msanga, sangamacheze mpaka 1 koloko tsiku ndi tsiku. Lamulungu amakhala pakhomo. Mlonda amakhala maso usiku, inde, koma madzulo dzuwa lisanalowe amakhala atadzuka. Ntchito yomwe imatseka munthu pakamwa masana onse, masiku asanu ndi awiri pa sabata, kwa miyezi, kwathu kuja kulibe.

Tiyerekeze chonchi. Mchemwali wa ku Bvumbwe akugwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Ali pa chibwenzi ndi bambo wina wa ku Luchenza amene anadziwana naye atapita kumudzi pa Khirisimasi. Bamboyo akuti banja lake linatha, ndipo akukamba zomanga nyumba. Mchemwali wayamba kale kutumiza ya njerwa pa Mukuru. Foni imabwera pakati pa 10 koloko ndi 12 koloko usiku, ndipo chifukwa chake akuti ndi bandulo.

Choyamba chimene mchemwaliyu angachite sichifuna mkangano. Alembe meseji ya moni pa WhatsApp cha m'ma 10 koloko m'mawa, kenako ayang'ane timizere tija. Kamzere kamodzi kakutanthauza kuti meseji yachoka koma sinafike pa foni ya winayo. Tiwiri tikutanthauza kuti yafika, kaya yawerengedwa kapena ayi. Ngati tsiku lonse pakhala kamodzi, kenako usiku tonse tisanduka tiwiri nthawi imodzi, nkhani ya bandulo kapena ya batire ikumveka. Ngati masana tikuoneka tiwiri koma yankho likudikira usiku, foniyo ili ndi intaneti, munthuyo ndiye sakufuna kapena sangathe kuyankha pamaso pa amene ali naye. Palinso china chimene ambiri sadziwa. Meseji imene mwatumiza munthu atakubulokani siifika ngakhale akutsegulireni pambuyo pake. Ndiye ngati meseji ya m'mawa yakhalabe ndi kamzere kamodzi mpaka kalekale, pamene za usiku zikufika bwinobwino, ndipo chithunzi chake chimasowa masana n'kubwerera usiku, bamboyo amakutsekani kukacha n'kukutsegulirani anthu akagona. Izi munthu sachita mwangozi.

Chachiwiri ndi kuchotsa chifukwa chija. Mchemwali amugulire bandulo ya sabata yathunthu, kapena aimbe pa nambala yake ya +265 mwachindunji, poti wolandira foni kumudzi salipira kanthu. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya njerwa. Anene poyera, mwaulemu: «Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi ndikuimbirani pa vidiyo, ndikufuna ndione pakhomo, ndipatsenso moni amayi.» Munthu amene vuto lake linali bandulo amasangalala, mwinanso amayamba ndiye kuimba. Wobisa kanthu amabweretsa chifukwa chatsopano: kamera yafa, kuli maliro, amayi apita kudimba. Kamodzi zimachitika. Koma chifukwa chikamasintha nthawi iliyonse imene mwathetsa chakale, yankho mwalipeza kale ngakhale iye sanalinene. Mumvetserenso mmene akuyankhira. Akayamba kukalipa kuti simumukhulupirira, kuti akazi a ku Joni mumadzimva, dziwani kuti akufuna muchite manyazi musiye kufunsa. Kupempha kulankhula ndi munthu dzuwa likuwala si chipongwe.

Mawu a pa foni nawonso amanena zambiri, ngakhale pano pafunika kusamala. Munthu wonong'ona, ali panja, nkhululu zikulira, agalu akuuwa chapatali, mwina akungolemekeza makolo, poti nyumba zathu zambiri zilibe siling'i ndipo mawu amadutsa pamwamba pa khoma. Chokayikitsa ndi kudula foni mwadzidzidzi pakati pa mawu, osatsanzika, kenako meseji yoti «musaimbe, ndiimba ndine». Lamulo limeneli, loti inu musayambe kuimba, ndi lolemera kuposa zizindikiro zina zonse. Kumbukirani kuti kwathu kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna nthawi zambiri amakhala chikamwini, kwawo kwa mkazi. Bambo wotere akakhala kuti banja silinathe, masana wazunguliridwa ndi apongozi ndi alamu ake, ndipo mpata wake ndi usiku, kuseri kwa bafa. Abambo amene muli kunja musaganize kuti izi ndi za akazi okha. Mkazi wapabanja, kapena amene akulandira ndalama kwa amuna awiri, amachitanso chimodzimodzi.

Ubwino wa kwathu ndi woti munthu sabisika. Ngati akuti kwawo ndi kwakuti, ali ndi mfumu, ali ndi mpingo, ali ndi amalume ake. Mchemwali uja atume m'bale wake amene amamukhulupirira, osati mnzake wa bamboyo, akafike pakhomopo masana. Ngati banja linathadi, ankhoswe a mbali zonse amadziwa, chifukwa ukwati wa kwathu sutha mwakachetechete. Ndipo munthu wofuna kukwatira salimbana ndi zoti akaonekere kwa amalume anu. Ndalama ya nyumba iime kaye kufikira izi zitachitika. Ndikunena motsindika chifukwa malo ku Thyolo ndi ovuta, ndipo nyumba yomangidwa pa malo a banja la wina, popanda mboni yanu kapena pepala la kwa mfumu lokhala ndi dzina lanu, kuitenga n'kovuta kwambiri zinthu zikasokonekera. Malisiti a ndalama zimene mwatumiza kale muwasunge, pamodzi ndi mameseji onena kuti ndalamazo zinali za chiyani.

Pali mtundu wina woopsa kuposa wapabanja, ndiwo munthu amene simunamuonepo ndi maso. Anakupezani pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu, akudziwa Chitakale ndi Limbuli, mwina amaponyako ndi Chilhomwe. Ameneyu amasankha usiku chifukwa ndi nthawi imene munthu wa kunja amafooka. Mwaweruka mwatopa, muli nokha m'kachipinda, mukulakalaka wolankhula naye chinenero chanu, ndipo palibe woti mumufunse nzeru. Pakapita masabata angapo akucheza bwino, pamabwera vuto la changu: mayi agonekedwa kuchipatala, ndalama ikufunika usiku womwewo. Onani dzina limene akupatsani kuti mutumizireko. Nambala za foni ku Malawi zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo akaunti ya Airtel Money kapena ya Mpamba imakhala ndi dzina la mwini wake. Dzina likasiyana ndi limene mukumudziwa nalo, n'kumati ndi la msuweni kapena la ejenti, imani. Muuzeni kuti mutumiza kukacha mukalankhula ndi wodwalayo kapena womudikirira. Wodwala weniweni ali ndi wodi, ali ndi womusamalira, ndipo m'bale wanu wa pafupi akhoza kukamuona. Wakuba amadana ndi mawu oti «mawa».

Pa nkhani ya zithunzi ndilibe zambiri zonena koma izi: munthu amene amangopezeka usiku n'kumapempha zithunzi za thupi lanu musamutumizire, ngakhale alumbire kuti afufuta. Ngati munatumiza kale ndipo wayamba kukuopsezani kuti aziwulutsa, musalipire, chifukwa akalandira amabweranso. Jambulani mameseji ake ndi nambala yake musanamubuloke. Kuzunza munthu kudzera pa foni ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo nkhaniyo ikhoza kukatulidwa ku polisi ya ku Thyolo kapena ku Mulanje, kumene kuli Victim Support Unit.

Nthawi zina mukafufuza mupeza kuti palibe mkazi wobisika, palibe wakuba. Munthuyo ndi mbeta kapena mbeta yamphongo ndithu, koma amakukumbukirani akamachokera ku mowa, kapena tulo tikamusowa. Zimenezi mudzazidziwa ndi nkhani zake. Safunsa za ntchito yanu, za mapepala anu, za mwana amene munasiya kwa agogo ake. Zimene munamuuza dzulo lero waiwala. Apa choti muchite n'chapafupi: muuzeni nthawi imene inu mungathe kulankhula, mwachitsanzo 7 koloko madzulo kapena Lamulungu masana, ndipo ikadutsa 10 koloko foni muziitseka mawu. Abale enieni apatseni njira ina yokupezerani pakagwa zadzidzidzi. Mukatero kwa milungu iwiri kapena itatu muona ngati asamukira ku nthawi yanuyo kapena angosiya kuimba.